Nsanja ya thanki ya madzi ikapendekeka kapena silabu yake ikang'aluka

Nsanja zambiri za mathanki zomwe zimaimikidwa m'madimba, m'masukulu ndi pamakomo kuno ku Kasungu zimamangidwa m'chilimwe, nthaka ili gwa, ndipo kwa miyezi ingapo zimaima bwinobwino. Mavuto amayamba mvula ikakhazikika, cha mu Januwale kapena Febuluwale. Thanki imaoneka ngati yatsamira mbali imodzi, pasilabu pamabwera mng'alu, kapena nsanja imayamba kugwedezeka munthu akamakwera. Ambiri amathamangira kwa wowotcherera kuti awonjezere zitsulo, pomwe nthawi zambiri cholakwika chili pansi pa konkire.

Titenge nsanja yodziwika kwambiri: thanki ya pulasitiki ya malita 5,000, yokwezedwa mamita 6, miyendo inayi yotalikirana mamita awiri. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho madzi okha ndi matani asanu. Tikaphatikiza thanki yeniyeniyo ndi zitsulo, katundu yense amayandikira matani asanu ndi limodzi, ndipo mwendo uliwonse umasenza pafupifupi tani imodzi ndi theka, usana ndi usiku. Amenewa ndi matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50 pamwendo umodzi.

Yambani mwayeza musanakhudze chilichonse

Mangani chingwe pakona ya pamwamba pa nsanja, kumapeto kwake mumangirire nati yaikulu kapena mwala, chilendewere mpaka chitsale pang'ono kugunda silabu. Chitani izi m'mawa mphepo isanayambe. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi mwendo, pamwamba ndi pansi pomwe. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo ndiye kupendekeka kwa nsanja. Yezani mbali ziwiri zoyandikana, mwachitsanzo kum'mawa ndi kumpoto, chifukwa nthawi zambiri nsanja imatsamira pakona. Pomwe nati yaloza pasilabu lembanipo chizindikiro ndi penti ndi tsiku lake, ndipo mudzabwerenso pakatha sabata.

Pa nsanja ya mamita 6, kusiyana kwa masentimita awiri n'kopiririka, mwina inaimikidwa choncho kuyambira pachiyambi. Kukafika masentimita 6, kapena ngati nati ikusuntha sabata ndi sabata, zimitsani pampu ndipo madzi muwachepetse tsiku lomwelo. Musakhuthule onse. Thanki yopanda madzi imapepuka, mphepo imatha kuinyamula, choncho siyani madzi ofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena muitsitse ndithu. Ana asasewere pansi pake, ndipo mbuzi zisamangidwe kumiyendo.

Kenaka ikani levulo pasilabu. Muyezo uwu ndi womwe umalekanitsa matenda. Silabu ikakhala kuti yapendekeka kumbali yomweyo yomwe nsanja yatsamira, vuto ndi nthaka. Ikakhala kuti ili pa levulo koma nsanja yapendekeka, vuto lili m'zitsulo kapena pomwe miyendo yakumana ndi konkire. Kumbukirani kuti kutitimira kochepa pansi kumakula pamwamba: silabu ya mamita atatu ikatsika masentimita awiri mbali imodzi, nsonga ya nsanja ya mamita 6 imasuntha masentimita anayi.

Pamene silabu yatitimira mbali imodzi

Zungulirani nsanja mukuyang'ana pansi. Kawirikawiri mbali yomwe yatitimira ndi yomwe ili ndi udzu wobiriwira ngakhale mu Okutobala, kapena matope osauma. Yang'anani m'mwamba ndipo mupeza chifukwa chake: paipi yotaya madzi thanki ikadzaza yangothera m'malere, jointi ikudontha, kapena mpope womwe amayi amatungira ndi kutsukira mbale uli pamwendo penipeni pa nsanja. Pampu ya sola yopanda chozimitsa thanki ikadzaza imataya madzi masana aliwonse, pamalo amodzimodzi, kwa miyezi. Katondo wouma amasenza katundu bwino kwambiri, koma akanyowa mosalekeza amafewa, ndipo mbali imodzi yokha ikafewa silabu imatsatira.

Chifukwa chachiwiri ndi dothi lomwe silabu inakhazikidwapo. Amisiri ena amangosenga udzu n'kuthira konkire pa dothi lakuda la pamwamba, lomwe lili ndi mizu ndi zinyalala zowola. Ena amamanga pamunda wa mizere wongosalazidwa, pa dzenje lakale la zinyalala, kapena pomwe panagumulidwa chulu. Chulu ndi choopsa chifukwa pamwamba pake m'polimba ngati njerwa, koma pansi pali mphako za chiswe zomwe zimagumuka madzi akalowamo. Tengani chitsulo cha Y12, chija cha m'konkire chokhuthala mamilimita 12, chotalika mita imodzi, muchibaye m'mphepete mwa silabu mbali zonse zinayi mukuchitsamira ndi thupi. Pa nthaka yabwino chimangolowa masentimita ochepa. Chikalowa mpaka theka mbali imodzi yokha, mwapeza pomwe pali nthenda.

Chachitatu ndi makande, omwe amapezeka m'madambo ndi m'madimba a m'mbali mwa mitsinje monga Bua ndi Dwangwa. Dothi limeneli limafufuma likanyowa ndipo limanyala n'kung'aluka likauma. Chizindikiro chake n'chakuti nsanja imasuntha ndi nyengo: m'dzinja yatsamira uku, m'chilimwe yabwerera pang'ono. Pa makande silabu yopyapyala siikhalitsa, ndipo ngati pafupi pali malo okwera a katondo kapena a lubwe, kusamutsa nsanja n'kuwonjezera paipi kumatsika mtengo kusiyana ndi kulimbana ndi dothilo.

Kukonza kumayamba ndi madzi. Paipi yotaya madzi itsike motsata mwendo mpaka pansi, ipite mamita osachepera asanu kutali, kumunsi. Mpope usamukire kutali chimodzimodzi, ukhale ndi kasilabu kake ndi ngalande yake. Dothi lozungulira liundidwe kuti madzi a mvula azithawa nsanja. Mukatero dikirani masabata atatu kapena anayi mukuyang'ana nati ija.

Ngati kusuntha kwaleka ndipo silabu ndi yathunthu, nsanja ingathe kuongoledwa. Thanki ikhale yopanda madzi ndipo nsanja imangidwe ndi zingwe mbali zonse zinayi. Masulani manati a miyendo iwiri yotsika, inyamuleni pang'onopang'ono ndi jeke ya galimoto, lowetsani timapuleti tachitsulo pansi pa mapazi mpaka chingwe chionetse kuti yaongoka, mangani manati, ndipo mpata wotsala muudzaze ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, muyezo umodzi kwa iwiri, yokandidwa mouma ndi kutsenderedwa ndi kamtengo. Njira iyi imatheka pokhapokha mabauti akhale ndi mazinga otsala, ndipo ndi ya masentimita awiri kapena atatu basi.

Pomwe madzi akokolola dothi pansi pa mphepete mwa silabu, musakumbe mbali yonse nthawi imodzi. Kumbani chigawo cha masentimita 60 m'lifupi mpaka mufike pa nthaka yolimba, chidzazeni ndi konkire mpaka igunde kunsi kwa silabu, dikirani masiku atatu, ndiye mukumbe china chosayandikana nacho. Silabu ikakhala kuti yathyoka pakati ndipo zidutswa zake zasiyana msinkhu, palibe chokonza. Imeneyo ndi yogumula.

Ming'alu ndi konkire yofumbutuka

Si mng'alu uliwonse woopsa. Timing'alu tonga tsitsi, tolukanalukana pamwamba, timabwera konkire ikauma msanga ndi dzuwa ndi mphepo tsiku lothira, ndipo sitipita pansi. Woopsa ndi mng'alu umodzi wodutsa silabu kuchokera mphepete kufika mphepete, kapena wodula kona pafupi ndi mwendo, makamaka ngati mtengo wa machesi ukulowamo kapena mbali imodzi yakwera kuposa inzake. Kuti mudziwe ngati ukukula, matanipo kachigamba kopyapyala ka simenti ndi mchenga modutsa mng'aluwo, mulembepo tsiku. Kachigambako kakang'aluka, silabu ikuyendabe.

Mng'alu wodutsa pakati pa silabu, wotseguka pamwamba, uli ndi chifukwa chomwe amisiri ozolowera nyumba sachiganizira. Miyendo imakankha silabu pansi cha m'makona, pomwe nthaka imaikankha m'mwamba paliponse, pakati pomwe. Silabu imafuna kupindika ngati msana wa fulu, ndipo mbali yomwe imakokeka ndi ya pamwamba. Konkire imalimba pa kupanikizidwa koma pa kukokedwa ndi yofooka, n'chifukwa chake timaikamo zitsulo. Zitsulo zikayalidwa pansi pokha, kapena waya utapondedwa ndi mawilibala mpaka kugona padothi, pamwamba pamakhala popanda chogwira. Silabu ya nsanja imafuna zitsulo zosanjikiza kawiri, pansi ndi pamwamba.

Konkire yeniyeniyo iyeseni ndi msomali wa mainchesi anayi ndi hamala. Konkire yabwino msomali umangoisiya kamzere koyera, ndipo hamala imalira mokweza n'kudumpha. Yofooka imafumbutuka, miyala imazuka ndi zala, hamala imalira ngati yamenya njerwa yosapsa. Zifukwa zake n'zodziwika. Choyamba ndi madzi ochuluka: okanda amakonda konkire yamadzimadzi ngati phala la mwana chifukwa siilemetsa fosholo, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, ndipo mphamvu imatsika kwambiri. Thumba limodzi la simenti limafuna madzi okwana malita 25, kutanthauza ndowa imodzi ya malita 20 ndi kachigubu ka malita asanu, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetseko. Chachiwiri ndi simenti yochepa kapena yogonera: thumba lomwe lakhala miyezi yoposa itatu, kapena lili ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala, lisalowe m'silabu ya nsanja. Simenti imapangidwa m'boma lathu lomwe lino, kufakitale ya Shayona, choncho palibe chifukwa chogwiritsa ntchito yogonera. Chachitatu ndi zidutswa za njerwa m'malo mwa miyala ya kwale. Njerwa zimamwa madzi ndipo zimaphwanyika.

Mchenga umafuna mawu akeake, chifukwa wambiri womwe ngolo zimabweretsa umatapidwa m'madambo ndipo umakhala ndi dothi. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka masentimita asanu, onjezani madzi ndi mchere pang'ono, khutchumulani, ndipo mulisiye maola atatu. Mchenga umakhala pansi, dothi limadikha pamwamba pake. Dothilo likapitirira mamilimita atatu kapena anayi, mchengawo utsukidwe kapena mufune wa mumtsinje. Dothi limakuta mchenga, simenti n'kulephera kuugwira.

Konkire yofooka siilimbitsidwa ndi pulasitala. Kumata pamwamba kumangobisa mng'alu, ndipo mabauti amakhalabe m'konkire yofumbutuka yomweyo.

Mapazi a nsanja

Malo omwe chitsulo chimakumana ndi konkire ndi omwe amayamba kuola. Njira yofala ndi yomiza miyendo m'konkire mwachindunji. Poyamba imaoneka yolimba, koma pakati pa chitsulo ndi konkire pamatseguka kampata kosaoneka, madzi amalowamo, ndipo dzimbiri limadya mwendo pamzere womwewo. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe lachokera, motero limang'amba konkire mozungulira mwendo, madzi n'kumalowa ochuluka. Mukaona ming'alu yochokera pamwendo ngati mizu, ndi madontho ofiirira, gobani konkire masentimita asanu kapena khumi kuzungulira mwendo, palani ndi bulashi ya waya, muyeze kukhuthala kwa chitsulo chotsala. Miyendo ya chubu ndi yachinyengo kwambiri, chifukwa madzi olowera pamwamba amadikha m'kati n'kudya kuchokera m'katimo, kunja penti ili bwinobwino. Gogodani ndi hamala pafupi ndi pansi. Pakalira mosamveka bwino kapena pakabonyoka, padyeka.

Chitsulo chikatha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, mwendo ukufuna chigamba. Chotsani madzi onse, chirikizani kona imeneyo ndi mtengo wolimba wa bulugamu, ndipo wowotcherera aphatikize engo ayironi, chitsulo chooneka ngati L, ya muyezo womwewo, yopitirira malo odyekawo masentimita 30 mbali zonse. Mwendo umodzi pa nthawi. Mwendo usawotcheredwe thanki ili ndi madzi, chifukwa chitsulo chikafiira ndi moto chimafewa ndipo chimatha kupindika pomwepo, munthu ali pansi pake.

Phazi labwino ndi puleti ya masentimita 25 mbali zonse, yokhuthala mamilimita 10 kapena 12, yowotcheredwa kumwendo, yomangidwa ndi mabauti anayi a M16, okhuthala mamilimita 16, omwe anamizidwa m'konkire tsiku lothira. Puletiyo ikhale pa kachulu ka konkire kokwera masentimita 15 pamwamba pa silabu, kuti madzi odikha asaifike. Chubu chitsekedwe pamwamba ndipo chibooledwe kabowo pansi kotulutsira madzi.

Mabauti amenewa ali ndi ntchito yomwe siioneka thanki ikadzaza. Thanki ya malita 5,000 ndi yotambalala pafupifupi mamita awiri, kutalika kwakenso chimodzimodzi, ndipo ili pamwamba pomwe palibe chotchinga. Mphepo ya mkuntho ya mvula zoyamba, yomwe imasasula madenga mu Novembala, ikaipeza yopanda madzi, imazula miyendo iwiri ya kumbali yomwe ikuchokera, uliwonse ndi mphamvu ya makilogalamu mazana angapo. Chomwe chimaletsa nsanja kugwa nthawi imeneyo ndi kulemera kwa silabu, ndipo kulemerako kumafika kumiyendo kudzera m'mabauti okha. Mukapeza nati yomwe ikuzungulira ndi dzanja, kapena bauti yomwe ikuzuka limodzi ndi konkire, nsanjayo yangokhazikidwa ngati mpando. Thanki nayonso imangidwe kunsanja ndi malamba achitsulo kapena waya wokhuthala wodutsa pamwamba pake.

Pamene silabu ili bwino koma nsanja ikugwedezeka kapena mwendo wakhota

Imani pansi pa mwendo uliwonse n'kuyang'ana m'mwamba motsata m'mphepete mwake, monga mmisiri amayang'anira thabwa. Mwendo wokhota ngati uta ndi chenjezo lomaliza. Chitsulo chachitali chopyapyala sichiphwanyika, chimapindikira m'mbali mwadzidzidzi, monga limachitira phesi la chimanga mukalitsamira. Chomwe chimalamulira mphamvu ya mwendo ndi kutalika kwa gawo lomwe lilibe chogwira. Mukadula kutalika kumeneko pakati, mwendo woonda umasenza pafupifupi kanayi. Engo ayironi ya mamilimita 50 x 50 x 5 yoima mamita atatu popanda chopingasa imapindika pa katundu wa pafupifupi tani imodzi, pomwe tanena kale kuti mwendo uliwonse ukusenza tani ndi theka. Nsanja yotere imaima bwino thanki ili theka, n'kugwa tsiku lomwe yadzaza.

Pa nsanja yathu ya mamita 6, miyendo ikhale ya engo ayironi ya 75 x 75 x 6, yokhala ndi zitsulo zogona za 50 x 50 x 5 pa mita imodzi ndi theka iliyonse, ndipo chipinda chilichonse, kutanthauza mpata wa pakati pa zogona, mbali zonse zinayi, chikhale ndi zitsulo ziwiri zodutsana kuchokera kona kufika kona. Zogona zokha sizikwanira. Chimango cha makona anayi chimapendekeka ngati chitseko chakale, koma chopingasa chikalowamo sichisunthanso. Cholakwika chomwe chimabwerezedwa kwambiri ndi kusiya chipinda cha pansi chopanda zopingasa kuti pakhale khomo, posungira pampu kapena njinga, pomwe chipinda cha pansicho ndi chomwe chimalandira mphamvu yonse ya mphepo. Zopingasa zikumane ndi mwendo pamalo omwe chogona chakumanirana nawo, osati masentimita 20 pansi pake, kupanda kutero zimakankha mwendo pamimba n'kuukhotetsa.

Pogula zitsulo yezani kukhuthala kwake nokha. Engo ayironi ya mamilimita anayi ndi ya 6 zimaoneka zofanana zikagona pamulu.

Zowotcherera ziyang'aneni mutagoba makoko ake ndi hamala. Zabwino zimakhala mzere wosalala wosaduka, wokhuthala mamilimita asanu kapena 6, wozungulira jointi yonse. Zonga zitosi za nkhuku, kadontho apa kadontho apo, zimachokera ku moto wochepa, makamaka pomwe makina akuyendera jenereta yaing'ono yolephera kusungunula ndodo ya mamilimita 3.2. Zotere zichotsedwe ndi girayinda n'kuwotcheredwanso. Kuthira zina pamwamba pake kumangokwirira mng'alu. Mwendo womwe wakhota kale usaongoledwe ndi hamala n'kusiyidwa. Usinthidwe, kapena uphatikizidwe ndi wina utali wonse wa chipindacho.

Pamwamba pomwe thanki yakhala pamafunanso diso. Thanki ya pulasitiki ilibe mphamvu kunsi kwake, imadalira kuti thako lake lonse likhale pa chinthu chosalala. Ikakhazikidwa pa zitsulo zitatu kapena zinayi zotalikirana, pulasitiki imalendewera m'mipata ndipo imang'ambika m'mphepete mwa chitsulo. Madzi odontha pamenepo ndi omwe aja amakafewetsa nthaka. Pa miyendo yotalikirana mamita awiri, ikani machanelo awiri, zitsulo zooneka ngati U, a mamilimita 125 x 65 pamwamba pa miyendo, pamwamba pake machanelo a 100 x 50 otalikirana masentimita 40, ndiye puleti ya mamilimita 4.5 kapena matabwa okhuthala masentimita asanu oyalidwa mothithikana ndi opakidwa mankhwala a chiswe. Pasakhale mutu wa bauti kapena chotupa cha zowotcherera chomwe chingabaye thanki.

Kuthira silabu yatsopano

Ikakhala kuti yakale ndi yogumula, nayi miyezo ya nsanja yomweyi pa nthaka ya katondo wolimba. Silabu ikhale mamita atatu mbali zonse, yokhuthala masentimita 30, kuti mwendo uliwonse ukhale theka la mita kuchokera m'mphepete. Konkire yake ndi makiyubiki mita 2.7, yolemera matani oposa 6, ndipo kulemera kumeneku n'kofunika chifukwa cha mphepo ija.

Kumbani mpaka dothi lakuda ndi mizu zithe, kawirikawiri masentimita 50 kapena 60. Bwezeranimo gelevulo m'magawo a masentimita 15, gawo lililonse lowazidwa madzi pang'ono ndi kutsenderedwa mpaka chidendene chisasiye chizindikiro. Kuthira gelevulo yense nthawi imodzi n'kutsendera pamwamba pokha ndi komwe kumabala kutitimira chaka chamawa. Werengerani kuti pamwamba pa silabu padzatuluke masentimita 10 kapena 15 pamwamba pa nthaka. Yalani konkire yopepuka ya masentimita asanu, ya matumba awiri a simenti, mawilibala atatu a mchenga ndi 6 a miyala, kuti zitsulo zisakhudze dothi.

Zitsulo ndi Y12, zodulidwa mamita 2.9, zotalikirana masentimita 20 mbali zonse ziwiri. Ukonde umodzi umadya zidutswa 30, maukonde awiri 60. Chitsulo cha mamita 12 chimatulutsa zidutswa zinayi, choncho mukufuna zitsulo 15, ndi ziwiri zina zopindira timipando tonyamula ukonde wa pamwamba ndi zolowa m'timachulu ta mapazi. Ukonde wa pansi ukhale pa timabuloko ta simenti ta masentimita asanu, osati pa zidutswa za njerwa kapena timitengo, ndipo wa pamwamba utsale masentimita asanu kufika pamwamba. Dzimbiri lopepuka pa zitsulo si vuto, koma matope, mafuta ndi makoko zichoke.

Mabauti akhale a masentimita 45, opindidwa kunsi, ndipo ngowe yake ikole pansi pa ukonde wa pansi. Booleranitu thabwa mabowo ofanana ndi a puleti ya phazi, mabauti alowe m'thabwalo, thabwa likhomeredwe kumatabwa a m'mphepete. Yezani kuchokera kona kufika kona ina modutsa pakati: pa miyendo ya mamita awiri, mizere iwiriyo ikhale mamita 2.83 yonse. Mazinga a mabauti akulungidwe ndi pulasitiki. Mabauti obayidwa m'konkire ndi dzanja itathiridwa kale sagwirizana ndi mabowo, ndipo mapeto ake amapindidwa ndi hamala kapena kudulidwa.

Konkire ikhale ya muyezo wa 1:2:3. Matumba awiri a simenti amadzaza wilibala imodzi ya amisiri, choncho pa matumba awiri aliwonse thirani mawilibala awiri a mchenga ndi atatu a miyala ya kwale ya mamilimita 20, osefukira ayi, ongofika m'milomo. Silabu ndi timachulu take zimadya matumba pafupifupi 22, mchenga mawilibala 22, miyala 33. Pamodzi ndi konkire yopepuka ija, gulani matumba 25. Kandirani pa malata kapena pasimenti, osati padothi, zouma kaye mpaka mtundu ufanane, madzi pambuyo. Thirani tsiku limodzi osalekeza, kuyambira m'mamawa, ndi anthu okwanira, chifukwa konkire ya lero ndi ya mawa sizigwirana bwino. Ibayeni ndi chitsulo paliponse, makamaka mozungulira mabauti, ndi kugogoda matabwa a m'mphepete kuti mpweya utuluke. Pamwamba papendekeke pang'ono kuchokera pakati kuti madzi asadikhe.

Konkire siilimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa simenti ikumwa madzi pang'onopang'ono. Ikangogwira, ifunditseni ndi masaka, udzu kapena mchenga wonyowa, ndipo isaume kwa masiku asanu ndi awiri. M'dzuwa la Okutobala zimenezi zikutanthauza kuthirira katatu pa tsiku. Pakatha sabata imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, ndipo mphamvu yomwe timawerengera imakwana pa masiku 28. Nsanja ingaimikidwe pakatha masabata awiri, koma madzi adikire masiku 28, ndipo alowe m'magawo: gawo limodzi mwa anayi tsiku loyamba, theka tsiku lachiwiri, mukuyang'ana chingwe chija nthawi iliyonse. Zitsulo zipalidwe, zipakidwe penti yofiira yoteteza dzimbiri, ndiye penti ya mafuta kawiri, osaiwala kunsi kwa mapuleti ndi m'makona a engo ayironi.

Miyezo yonseyi ndi ya thanki ya malita 5,000 pa mamita 6 pa nthaka yolimba. Thanki ya malita 10,000, nsanja yopitirira mamita 6, makande, kapena malo omwe madzi amatuluka mukakumba mita imodzi, zimafuna injiniya aone dothi ndi kuwerengera zitsulo payekha, ndipo ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya boma ndi koyambira kufunsa. Nsanja ikayamba ntchito, chingwe ndi nati zibwererepo kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanagwe ndi mu Epulo itatha, ndipo tsiku lomwelo manati onse 16 a m'mapazi ayesedwe ndi sipanala.